Njinga inayamba yopanda mapedulo: nanga tcheni chinachedweranji?

*"Zikomo bambo. Ndine mphunzitsi wa Sitandade 7. Mnyamata wina m'kalasi mwanga anabwera ndi chithunzi cha njinga ya gudumu lakutsogolo lalitali kufika pachifuwa cha munthu, lakumbuyo kakang'ono, tcheni palibe. Mnzake anawonjezera kuti njinga yoyamba inalibe ngakhale mapedulo. Ndinasowa choyankha. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga tcheni chinachedweranji, poti chikuoneka chinthu chapafupi?"*

Aphunzitsi, musadandaule. Anyamata anu onse awiri ananena zoona, ndipo kusowa choyankha kwanu si chinthu chochititsa manyazi, chifukwa ngakhale ife amene takhala zaka zambiri manja ali bii ndi girizi, ambiri sitidzifunsa kuti chitsulo chimene tikumangachi chinachokera kuti. Ine ndinayamba kufufuza nkhaniyi nditatopa ndi funso la akabaza amene amabwera pamalo panga kudzasintha sipuloketi: ya mano 18 kapena ya mano 22? Ndinadzazindikira kuti funso lawolo ndi lomwe lija linasautsa amisiri a ku Ulaya kwa zaka pafupifupi 70. Funso lake ndi lakuti, miyendo ikazungulira kamodzi, njinga iyende mtunda wotani? Mukagwira funso limeneli, njinga yachilendo ya pachithunziyo isiya kukhala yachilendo.

Tiyambire ku Germany, mumzinda wa Mannheim. Pa 12 Juni 1817, Karl von Drais, amene anaphunzira ntchito yoyang'anira nkhalango, anatulutsa chinthu chimene anachitcha m'chinenero chake makina othamangira. Chinali mtanda wathabwa, magudumu awiri athabwa okulungidwa ndi chitsulo, limodzi kutsogolo lina kumbuyo, kampando pakati, ndi kathabwa kotsamirapo mikono. Chinkalemera makilogalamu pafupifupi 22. Munthu ankakhala chotang'adza n'kumadzikankha ndi mapazi pansi, phazi ili kenako ilo, monga amachitira ana akumudzi pa njinga zawo zosema pamtengo. Tsiku limenelo anayenda makilomita oposa 12 ola lisanakwane. Olemba mbiri ena amati chinamukankha ndi kufa kwa akavalo chifukwa cha njala ya 1816, chaka chimene mbewu zinakanika ku Ulaya phiri la Tambora litaphulika ku Indonesia mu 1815. Ena amatsutsa, ndiye ana muwauze ngati ganizo chabe.

Chimene Drais anapeza chenicheni si magudumu awiri ayi. Ndi chakuti gudumu lakutsogolo linkakhota. Njinga siima chilili chifukwa cha liwiro lokha. Ikayamba kupendekera kumanzere, wokwera amakhotetsera handulo pang'ono kumanzere komweko, magudumu n'kubwerera pansi pa thupi lake, ndipo amachita zimenezi kosalekeza osadziwa n'komwe. Mangani handulo ndi chingwe kuti isakhote, ngakhale katswiri agwa asanapite patali. Choncho mukadzawerenga m'buku kuti kunali njinga ina ya ku France ya 1791 yopanda chiwongolero, ya munthu wotchedwa Sivrac, mudziwe kuti nkhaniyo inapekedwa ndi mtolankhani patapita zaka 100. Chimodzimodzi chojambula cha njinga ya tcheni chimene amati ndi cha Leonardo da Vinci: akatswiri ambiri a mbiri ya njinga amachiona kuti ndi chachinyengo.

Njinga ya Drais inatchuka msanga n'kuzilala msanga. Ku London, mmisiri wa ngolo Denis Johnson anapanga zake mazana angapo mu 1819, koma misewu inali yokumbika ndi magudumu a ngolo, okwera n'kumathawira m'tinjira ta oyenda pansi, akuluakulu a mizinda n'kuyamba kulipiritsa chindapusa. Nsapato nazo zinkatha. Ndipo liwiro lake linali ndi malire oonekeratu: phazi silingakankhe nthaka imene ikuthawa mofulumira kuposa mmene phazilo lingathamangire. Kwa zaka zoposa 40 amisiri ambiri anatembenukira ku zamagudumu atatu ndi anayi, poti n'zochepa zimene zinkawatsimikizira kuti munthu angachotseretu mapazi pansi, n'kumapalasa, osagwa.

Mapedulo anabwera ku Paris chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860. Amene anayamba ndani, mpaka lero anthu amakangana: pali Pierre Michaux, wosula zitsulo za ngolo, ndi Pierre Lallement, amene anapita ku America n'kukalembetsa luso limeneli m'dzina lake mu 1866. Zimene anachita n'zosavuta kuziona m'maganizo. Anamangirira mapedulo pa ekiselo ya gudumu lakutsogolo, monga zilili pa kanjinga ka magudumu atatu ka mwana wa kumkaka. Pedulo ikazungulira kamodzi, gudumu lazungulira kamodzi, basi.

Ngati pafupi nanu pali kanjinga ka mwana koteroko, kayang'anitsitseni mwana akupalasa. Muona kuti akaponda ndi mwendo wamanja handulo imagwedezekera mbali imodzi, akaponda ndi wamanzere ibwerera mbali ina, ndiye manja amalimbana ndi miyendo. Akakhota kwambiri tayala limakhula mwendo. Mavuto onsewa anali pa njinga ya Michaux, kuwonjezera felemu yachitsulo cholemera ndi magudumu athabwa a mkombero wachitsulo pa misewu yoyala miyala. Angelezi anaipatsa dzina lotanthauza chogwedeza mafupa. Komabe anthu anaikonda, moti mu Novembala 1869 panachitika mpikisano wochokera ku Paris kukafika ku Rouen, makilomita 123, ndipo James Moore anapambana atapalasa maola oposa 10.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tiwerengere limodzi. Mtunda umene gudumu limayenda likazungulira kamodzi timaupeza pochulukitsa msinkhu wake ndi 3.14. Gudumu lakutsogolo la njinga ya Michaux linali la masentimita 90 kapena kuposerapo pang'ono. Tikachulukitsa 90 ndi 3.14 tipeza mamita 2.8. Munthu wamba amapalasa momasuka maulendo pafupifupi 60 pa mphindi imodzi. Ndiye kuti pa mphindi wayenda mamita 170, pa ola makilomita 10. Akafuna kuthamanga kuposa apo, miyendo iyenera kuzungulira ngati chopukusira, ndipo satha kupirira nthawi yaitali. Mmisiri wa nthawi imeneyo, wopanda tcheni chodalirika, anali ndi njira imodzi yokha: kukulitsa gudumu.

Koma gudumu lathabwa silikula mwaulere. Masipoko athabwa amanyamula katundu pochirikiza ngati nsanamira, choncho akatalika ayenera kunenepa, gudumu n'kulemera kosati n'kulipalasa. Chimene chinatsegula njira ndi sipoko ya waya. Eugène Meyer wa ku Paris anaitulutsa pa njinga mu 1869, ndipo ku Coventry, mzinda wa ku England umene unali kale ndi amisiri a mawotchi ndi a makina osokera, James Starley ndi William Hillman anapanga njinga yotchedwa Ariel cha mu 1871. Waya sachirikiza, amakoka. Masipoko onse amakungidwa, limu n'kukhala yomangika mbali zonse ngati chikumba cha ng'oma. N'chifukwa chake ndikamawongola gudumu ndimakhwatcha sipoko iliyonse ndi chala n'kumvetsera: yokungika bwino imalira kuti ting'i, yolefuka imangoti phwa, ndipo pamene pali yolefukayo m'pamene limu imayamba kupotoka. Mu 1874 Starley anawonjezera kupingasitsa masipoko m'malo moti aziloza pakati penipeni pa habu, kuti mphamvu ya mwendo izikoka waya m'litali mwake osati kumupinda. Yang'anani gudumu la njinga yanu, mupeza masipoko akudutsana chimodzimodzi mpaka lero.

Ndi mawaya amenewa gudumu linakula mpaka linafika pa chithunzi cha mnyamata wanu. Lakumbuyo linachepa dala, poti ntchito yake inali kungotsatira, ndipo kuchepako kunkapepukitsa njinga. Titenge gudumu la mainchesi 54, amene ndi masentimita 137. Kuzungulira kamodzi ndi mamita 4.3, ndipo pa kapalasidwe komwe kaja ka maulendo 60 pa mphindi, liwiro lafika makilomita 15 ndi theka pa ola. Miyendo yomweyo, mpweya womwewo, mtunda wawonjezeka ndi theka. Musaganize kuti inali njinga yachabechabe. Inali yopepuka, yosataya mphamvu poti panalibe chilichonse pakati pa phazi ndi gudumu, ndipo gudumu lalikulu limadutsa pa maenje mofatsa kuposa laling'ono. Thomas Stevens anazungulira nayo dziko lonse kuyambira 1884 mpaka 1886.

Malire ake anali awiri, ndipo onse ndi ouma. Oyamba ndi mwendo wa munthu. Wokwera ankakhala pamwamba pa gudumu, phazi liyenera kufika pa pedulo ikakhala pansi penipeni, ndiye theka la msinkhu wa gudumu kuphatikiza mkono wa pedulo sizikanaposa kutalika kwa mwendo wake. Anthu ankagula njinga ngati mmene tigulira buluku, poyeza mwendo, ndipo ngakhale wamtali kwambiri sankapitirira kwenikweni mainchesi 60. Wamfupi anali woluza mpikisano usanayambe. Malire achiwiri ndi ngozi. Kulemera konse kwa munthu kunali pafupifupi pamwamba pa ekiselo yakutsogolo. Gudumu likangogunda mwala, galu akadutsa, kapena akagwira buleki mwamphamvu, felemu yonse inkazungulira pa ekiseloyo, munthu n'kuuluka chamutu, miyendo itakodwa kunsi kwa handulo moti sakanatha kudumpha. Anthu ankathyoka mikono, ena kufa kumene. Potsetsereka, ochenjera ankaika miyendo pamwamba pa handulo kuti akagwa agwere mapazi. Inali njinga ya anyamata olimba mtima ndi a ndalama. Amayi a madiresi aatali ndi abambo achikulire ankakwera za magudumu atatu.

Tsono tcheni chinachedweranji? Ganizo lake linalipo kale, ndipo matcheni ankagwira ntchito m'mafakitale. Vuto linali mtundu wa tcheni. Zakale zinali timbale tachitsulo tolumikizidwa ndi timisomali, ndipo timisomalito tinkakhulana mwachindunji ndi timbaleto komanso ndi mano a sipuloketi. Pa makina oyendetsedwa ndi nthunzi kutaya mphamvu pang'ono si kanthu. Koma munthu mphamvu yake ndi yochepa, fumbi la mumsewu likalowa tcheni choterocho chimadyeka msanga, chimalira, chimatalika, chimathothoka. Mu 1880 Hans Renold, mmisiri wa ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku Manchester, anakonza zimenezi. Msomali uliwonse anaulowetsa m'kapaipi, kuti kulemera kugawike pamalo aakulu ndi mafuta akhale ndi pobisala, ndipo kunja kwa kapaipiko kunali kamkombero kozungulira momasuka. Dulani tcheni chakale cha njinga yakumudzi muone: msomali, kapaipi, kamkombero. Kamkomberoko kakafika pa dzino sikakhula, kamagubuduka n'kukhazikika. Tcheni choyera ndi chothira mafuta cha mtundu umenewu chimafikitsa ku gudumu pafupifupi mphamvu yonse imene mwendo wapereka.

Ngakhale zinali choncho, zoyamba sizinagulidwe. Henry Lawson anatulutsa njinga yoyendetsa gudumu lakumbuyo ndi tcheni mu 1879, koma lakutsogolo linali lalikulube, inali yolemera ndi yodula, ndipo anthu anainyoza. Ena anayesa njira yapakati, monga njinga yotchedwa Kangaroo ya 1884, imene inachepetsa gudumu lakutsogolo n'kuikapo timatcheni tiwiri, kumanja ndi kumanzere. Amene anamanga mfundo ndi John Kemp Starley, mwana wa mbale wake wa James Starley uja, ku Coventry komweko. Njinga yake ya Rover ya 1885 inaika munthu pakati pa magudumu awiri osasiyana kwambiri msinkhu, mapedulo pansi pake, tcheni kupita kumbuyo, handulo yolumikizana mwachindunji ndi foloko. Gudumu lakutsogolo linatsala ndi ntchito imodzi, kuwongolera, lakumbuyo n'kutenga ya kukankha. Patapita zaka zochepa felemu inakhazikika pa maonekedwe amene tikuwadziwa, a mapaipi okumana m'makona atatuatatu. Ku Poland mpaka lero njinga iliyonse amaitcha ndi dzina lochokera ku Rover.

Tiwerengerenso, tsopano pa njinga wamba imene ili pakhomo pa ambiri a ife. Gudumu lake ndi la mainchesi 28, kapena masentimita 71, ndipo kuzungulira kamodzi ndi mamita 2.2. Nthawi zambiri sipuloketi yaikulu ya kumapedulo imakhala ndi mano 44, yakumbuyo 18. Mapedulo akazungulira kamodzi, mano 44 akoka tcheni, ndipo yakumbuyo iyenera kuzungulira maulendo 44 kugawa ndi 18, amene ndi 2.44. Chulukitsani ndi mamita 2.2 aja, mupeza mamita 5.4. Kuti njinga ya pachithunzi ifike pamenepo, gudumu lake likanayenera kutalika masentimita oposa 170, msinkhu wa munthu wamkulu ataimirira, ndipo palibe mwendo umene ukanafika pa pedulo. Tcheni chinalola kuti munthu akhale pansi, phazi lifike panthaka, koma apalase ngati ali pa gudumu limene sakanalikwera n'komwe.

Ndipo chinapereka ufulu wosankha. Wakabaza wonyamula matumba a makala pa chitunda akandipempha sipuloketi ya mano 22, mawerengero amakhala 44 kugawa ndi 22, kawiri ndendende, mamita 4.4. Wataya mita imodzi pa kupalasa kulikonse, koma pedulo yafewa, mawondo apuma. M'masiku a gudumu lalikulu munthu ameneyu akanayenera kugula njinga ina.

Pali chinthu chimodzi chimene mabuku ambiri amathamangira, chikhalirecho popanda icho Rover ikanavutika. Magudumu aang'ono okhala ndi labala wolimba wopanda mpweya ankagwedeza kuposa gudumu lalikulu lija, moti okwera akale ankainyoza njinga yatsopanoyo. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anaika matayala opopa pa kanjinga ka magudumu atatu ka mwana wake. Ganizoli Robert Thomson anali atalilembetsa kale mu 1845, koma linaiwalika posowa ntchito. Mu 1889 Willie Hume anapambana mipikisano ku Belfast pa matayala opopa, ndipo oseka anasiya kuseka, chifukwa anaona kuti tayala lofewa silingoteteza msana, limathamanganso: limameza kamwala m'malo mokweza njinga yonse ndi munthu pamwamba pake. Matayala oyamba ankamatidwa pa limu, kuboola kamodzi inali ntchito ya maola. Mu 1891 abale a Michelin ku France anatulutsa lochotseka. Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1890, njinga ya gudumu lalikulu inali itasiya kupangidwa. Filiwilo, imene imalola miyendo kupuma njinga ikuyenda, inafala chakumapeto kwa zaka zomwezo. Isanabwere, mapedulo ankazungulira okha potsetsereka, wokwera n'kuponda pa tizitsulo tomangidwa pa foloko.

Kuti ana aone ndi maso, bweretsani njinga pabwalo la sukulu ndi choko. Mmodzi awerenge mano a masipuloketi onse awiri. Lembani chizindikiro pansi pomwe tayala lakumbuyo lakhudza nthaka, imikani pedulo pansi penipeni, ndipo mwana wina ayendetse pedulo ndi dzanja pang'onopang'ono mnzake atagwira handulo, mpaka pedulo ibwerere pomwe inayambira. Achite modekha, chifukwa njinga ikangothamanga filiwilo imasuka ndipo muyeso ulakwika. Yezani mtunda wochokera pa chizindikirocho kufika pomwe tayalalo lakhudza nthaka tsopano, kenako auyerekeze ndi zimene apeza pa pepala. Kusiyana kwa masentimita ochepa kusakudabwitseni, tayala limafinyika pang'ono pansi. Muwachenjeze za zala: pakati pa tcheni ndi mano si poseweretsa.

Njinga ili pomwepo, yezaninso tcheni. Kuchokera pa msomali wina kufika pa unzake ndi theka la inchi, ndiye mipata 24 iyenera kukwana mainchesi 12, kapena masentimita 30.5. Tcheni chikakalamba timati chatalika, koma chitsulo sichinatamuke ayi, ndi misomali ndi timapaipi ta Renold tija tadyeka mkati, mpata n'kuwonjezeka pa mfundo iliyonse. Mukapeza kuti mipata 24 yapitirira ndi mamilimita 3, chatha, ndipo mwina chadya kale mano. Yang'anani manowo: akakhala osongoka ndi opindikira mbali imodzi ngati minga ya mkandankhuku, kusintha tcheni chokha n'kutaya ndalama, chifukwa chatsopano sichikhazikika bwino pa mano akutha, ndipo chimalira kapena kudumpha. Zikatero pitani nayo kwa wokonza njinga asinthe zonse pamodzi. Chimodzimodzi ngati tcheni chikuthothoka ngakhale mutachikunga, poti nthawi zambiri ndiye kuti sipuloketi yapindika kapena felemu yapotoka, ndipo zimenezo zimafuna diso ndi zida za mmisiri.

Ndikudziwa kuti phunziro likatha ena mwa anyamatawo adzafuna kusema yawo yathabwa ngati ya Drais. Aloleni, ndipo mmisiri wa matabwa awathandize pa malo amene foloko imalowa mu mtanda, chifukwa m'pamene zimathyokera. Asankhe mtengo wouma wopanda ming'alu, mpando ukhale wotsika moti mapazi onse awiri aziponda pansi mawondo atapindika pang'ono, ndipo ayesere pabwalo lathyathyathya, osati pamtsetse wotsikira ku msewu wa galimoto, poti buleki yawo idzakhala mapazi okha. Ya gudumu lalikuluyo asayese n'komwe. Koma mnyamata wa chithunzi uja mumupatse chingwe ayeze mwendo wake kuchokera m'mphechepeche kufika pansi, achotsepo masentimita 15 a mkono wa pedulo ndi 5 a chishalo, chotsalacho achulukitse ndi 2. Limenelo ndilo gudumu lalikulu koposa limene akanakwera mu 1880. Aliwerengere mtunda wake, auike pambali pa mamita 5.4 a njinga imene ili pabwaloyo.